Nkhani ya Loweruka kwa Ophunzira a pa Yunivesite: Zaka za Dziko ndi Buku la Genesis

Bambo Mbewe: Abale ndi alongo, ndabwera kudzapempha nzeru. Gulu la ophunzira achikhristu a pa yunivesite landipempha kuti Loweruka likubwerali ndikayankhule ndi anzawo amene akuvutika ndi chikayiko. Atsogoleri awo anasonkhanitsa mafunso olembedwa pa timapepala topanda mayina, ndipo nditawawerenga ndapeza kuti ambiri akuzungulira pa nkhani imodzi. M'kalasi amaphunzira kuti dziko lapansi lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, pomwe kutchalitchi anakula akumva kuti lili ndi zaka 6,000 zokha. Mmodzi walemba kuti pa mayeso amalemba zimene mphunzitsi akufuna, Lamlungu amavomereza zimene mpingo ukufuna, ndipo tsopano sakudziwanso kuti amene akumunamiza ndi uti. Ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, za miyala sindinaphunzire. Sindikufuna kukaima pamaso pa ana amenewa ndi kuwauza zinthu zimene mphunzitsi wawo akazigwetsa Lolemba m'mawa. Ndikawauze chiyani?

Bambo Phiri: Akulu ampingo, nkhaniyi si yovuta monga mukuionera. Zaka mabiliyoni zimenezo amazipeza poyeza kaboni, ndipo njira imeneyo inalephera kalekale. Anayezapo zigoba za nkhono zamoyo, makina n'kunena kuti nkhonozo zinafa zaka zikwi zapitazo. M'malasha amene amati ali ndi zaka mamiliyoni amapezamonso kaboni yemweyo, amene akanayenera kukhala atatha. Kawauzeni zimenezi, mitima yawo ikhala pansi.

Mayi Nabanda: Bambo Phiri, zinthu ziwiri zimene mwatchulazo zinachitikadi, koma ndikupempha Bambo Mbewe kuti asakazinene m'njira imeneyo, chifukwa wophunzira aliyense wa chaka choyamba wa jiyoloje, sayansi ya miyala, akadziwa pomwepo kuti woyankhulayo sakuidziwa nkhani. Ine ndagwira ntchito ya miyala kwa nthawi yaitali, ndipo ndine wopemphera monga inu.

Palibe wasayansi amene amayeza zaka za dziko ndi kaboni. Kaboni woyezerayo, amene timamulemba C-14, amalowa m'thupi la chamoyo chikamadya kapena chikamatenga mpweya, ndipo chikafa amayamba kuchepa osalowanso wina. Pakapita zaka 5,730 theka lake limakhala litatha, pakapitanso zaka 5,730 zina theka la wotsalayo limathanso, ndipo zimapitirira choncho. Zimenezi zikachitika kakhumi, ndiko kuti patapita zaka 57,300, pamatsala gawo limodzi lokha mwa magawo oposa 1,000, moti makina amavutika kumusiyanitsa ndi zinyalala zongolowerera. N'chifukwa chake njirayi imathera pa zaka pafupifupi 50,000, ndipo imagwira ntchito pa zinthu zimene zinali zamoyo zokha, monga makala a nkhuni, mafupa ndi nsalu. Sigwira ntchito pa thanthwe.

Za nkhono zija chifukwa chake chimadziwika bwino. Nkhono yokhala m'madzi odutsa m'miyala ya laimu imamanga chigoba chake ndi kaboni wakalekale wosungunuka m'miyalamo, choncho chigoba chimaoneka chakale ngakhale mwini wake ali moyo. Anazipeza ndi kuzilemba ndi asayansi omwewo, pochenjeza anzawo kuti asamale ndi zigoba zotere. Za malasha nazonso n'zosavuta kuwerengetsa. Mutatenga chinthu chimene mulibiretu C-14, n'kulowamo kaboni wamakono gawo limodzi lokha mwa magawo 100, kaya kuchokera m'manja, m'madzi a pansi kapena mu labotale momwemo, makina anena kuti chili ndi zaka pafupifupi 38,000. Nambala imeneyo sikutiuza zaka za malashawo ayi, ikungotiuza kuti tafika pamapeto pa mphamvu ya njirayo.

Bambo Phiri: Ndamva, Mayi. Nanga ngati si kaboni, zaka 4.5 biliyonizo amazitenga kuti? Panalibe munthu amene anaona dziko likuyamba.

Mayi Nabanda: Ndifotokoza njira imodzi yokha, koma ndiifotokoza mpaka pansi, chifukwa ndikuganiza kuti imeneyi ndi imene ophunzira ayenera kuimva kuchokera pakamwa pa munthu wokhulupirira.

M'miyala yambiri imene inauma kuchokera ku chiphalaphala chotentha mumapezeka timiyala ting'onoting'ono, tochepa ngati mchenga wosalala, totchedwa zirikoni. Kamwala kameneka kakamapangika kamalola yureniyamu kulowa m'kati mwake, koma mtovu kamaukana pafupifupi wonse. Tsono yureniyamu ikakhalitsa imasanduka mtovu pang'onopang'ono. Izi zikutanthauza kuti mtovu umene tikuupeza m'kati mwa zirikoni lero unabadwira momwemo, ndipo kuchuluka kwake kumatiuza nthawi imene yapita chiumire kamwalako.

Chimene chimaipatsa mphamvu njirayi n'chakuti yureniyamu ili mitundu iwiri m'kamwala komweko, ndipo mtundu uliwonse umayenda pa liwiro lake. Mtundu wotchedwa U-235 umasanduka mtovu wotchedwa Pb-207, ndipo theka lake limatha pa zaka 704 miliyoni. Mtundu wotchedwa U-238 umasanduka mtovu wotchedwa Pb-206, ndipo theka lake limatha pa zaka 4.47 biliyoni. Zili ngati mlandu wa pabwalo la amfumu umene uli ndi mboni ziwiri zofunsidwa padera: zikanena zofanana mlandu umalimba, zikasiyana aliyense amadziwa kuti penapake palakwika.

Tiyeni tiwerengetse limodzi. Tinene kuti kamwala kali ndi zaka 704 miliyoni zenizeni. Pamenepo theka la U-235 latha, choncho tipeza maatomu a Pb-207 ofanana chiwerengero ndi a U-235 otsala. Pa zaka zomwezo U-238, popeza ndi yochedwa, ikhala itataya maatomu pafupifupi 10 okha pa 100 alionse, moti tipeza a mtovu 10 pambali pa a yureniyamu 90. Tikayeza n'kupeza zonse ziwiri zili choncho, mboni zagwirizana. Koma tinene kuti kamwalako kanasweka kapena kanatenthedwa chaposachedwapa, theka la mtovu wake n'kutuluka. Tikawerengetsa tsopano, njira ya U-235 itipatsa zaka pafupifupi 410 miliyoni, pomwe ya U-238 itipatsa pafupifupi 360 miliyoni. Manambala asiyana, ndipo kusiyanako ndiko kumatichenjeza kuti kamwala aka kanaonongeka, tisakakhulupirire paokha. Onaninso kuti vuto limeneli, lomwe ndi lofala kwambiri, limachititsa mwala kuoneka waung'ono kuposa zaka zake, osati wamkulu.

Ndi njira imeneyi, timiyala ta zirikoni ta ku mapiri a Jack Hills, kumadzulo kwa Australia, tinapezeka kuti tili ndi zaka mpaka 4.4 biliyoni. Nambala ya dziko lenileni anaipeza Clair Patterson mu 1956 poyeza mtovu wa m'miyala yogwa kuchokera kumwamba, imene inapangika nthawi imodzi ndi dziko. Iye anapeza zaka 4.55 biliyoni, ndipo ngakhale makina asintha kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, nambalayo yangosuntha pang'ono chabe.

Bambo Phiri: Zonsezo zikudalira kuti liwiro la yureniyamuyo silinasinthepo. Ndani angatsimikize zimenezo? Mwina pa nthawi ya chigumula linathamanga kwambiri.

Mayi Nabanda: Limeneli ndi funso labwino kuposa la kaboni lija, ndipo n'zoona kuti njirayi ikudalira pamenepo. Asayansi ayesa kutentha yureniyamu, kuipanikiza ndi kuisakaniza ndi zinthu zosiyanasiyana, koma liwiro lake silisuntha. Palinso vuto lina lalikulu. Atomu iliyonse ikamasweka imatulutsa kutentha. Kusweka kwa zaka mabiliyoni kukanati kuchitike m'chaka chimodzi, kutenthako kukanasungunula miyala ya pamwamba pa dziko, ndipo chingalawa cha Nowa sichikanakhala ndi madzi oyandamapo. Munthu angayankhe kuti Mulungu anachotsa kutenthako mozizwitsa. Ine sindingamutsutse ndi makina, koma avomereze kuti pamenepo sakunenanso za sayansi, ndipo chozizwitsa chimenecho sichinalembedwe paliponse m'Malemba.

Achimwene a ku Karonga: Makolo anga, ndiloleni ndiikepo za kwathu. Ine ndinakulira ku Karonga, ndipo tili kusekondale anatitengera ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa boma paja. Muli chinyama chachikulu cha mafupa okhaokha chotchedwa Malawisaurus, chimene amati chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Anatiuzanso za nsagwada ya m'munsi imene inapezeka ku Uraha, m'boma lomwelo la Karonga, mu 1991, ya cholengedwa chofanana ndi munthu chimene amachitcha Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Nditafunsa kutchalitchi, wina anandiyankha kuti azungu anabwera nawo mafupawo n'kuwakwirira okha. Koma anthu a m'midzi ya komweko ndi amene ankagwira nawo ntchito yokumba ndi kusefa dothi. Yankho limene lija ndi limene linandichotsa m'tchalitchi, osati mafupawo. Ndinabwerera patapita nthawi, koma anzanga ena sanabwererenso. Funso langa kwa Mayi Nabanda ndi lakuti, kodi nsagwada ya ku Uraha nayonso anaiyeza ndi zirikoni?

Mayi Nabanda: Ayi achimwene, ndipo mwachita bwino kufunsa, chifukwa apa ndi pamene tingaonetse ophunzira kuti manambala a sayansi salimba mofanana onse. Kumaiko monga Kenya ndi Ethiopia mafupa ambiri amapezeka pakati pa mizere ya phulusa la mapiri ophulika, ndipo phulusalo limayezeka mwachindunji. Ku Uraha gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linadalira mafupa a nyama zina opezeka m'dothi lomwelo, makamaka mano a nguluwe zakale. Mano a nguluwezo ankasintha maonekedwe m'kupita kwa nthawi, choncho anawafananiza ndi mano a mtundu womwewo opezeka kumaiko aja, kumene zaka zake zinayezedwa kale. Njira imeneyi ndi yodalira ina, ndipo nambala yake ikhoza kusuntha ndi zaka zikwi mazana angapo. Amene angakayikire ngati ndi 2.3 kapena 2.5 miliyoni ali ndi ufulu wonse. Koma palibe njira yoikokera nsagwada imeneyo mpaka kufika pa zaka 6,000.

Mayi Nangozo: Ine ndikuona kuti tikutaya nthawi ndi miyala. Ana akapita ku yunivesite amayamba mowa ndi zibwenzi, kenako amafunafuna chifukwa chosiyira kupemphera, ndiye amabisala kumbuyo kwa sayansi. Bambo Mbewe, kalalikireni kulapa ndipo mukawapempherere. Chikayiko ndi mzimu, sichichoka ndi masamu.

Wophunzira wa chaka chachiwiri: Amayi, ndikupempha kuti mundikhululukire poyankha akuluakulu, koma ine ndine mmodzi wa ana amene mukuwanenawo. Sindimwa mowa, ndimaimba kwaya, ndipo ndikuphunzira za miyala. Chikayiko changa sichinabwere chifukwa chofuna kuchimwa. Chinabwera tsiku limene ndinawerengetsa ndekha zaka za mwala pa pepala, monga achitira Mayi Nabanda pamwambapa, n'kuona kuti masamu ake ndi oona. Usiku umenewo ndinapemphera ndikulira, chifukwa ndinaphunzitsidwa kuti vesi limodzi la Genesis likagwa, mtanda nawonso wagwa. Kuyambira pamenepo ndimaopa kufunsa, popeza aliyense wofunsa amauzidwa kuti wabwerera m'mbuyo. Ngati Loweruka tikauzidwa kuti tingolapa, ambiri a ife tikagwada mwaulemu, koma tikatuluka ndi funso lomwelo, ndipo sitidzalibweretsanso kutchalitchi.

Abusa: Mwana wanga, zikomo chifukwa cholimba mtima. Mayi Nangozo, alipodi ena amene amabisala kumbuyo kwa mafunso, ndawaonapo, koma si bwino kuweruza onse ndi mlandu wa ochepa. Kalata ya Yuda pa vesi 22 imatilamula kuchitira chifundo okayika. Tomasi atakana kukhulupirira, Ambuye sanamuthamangitse, koma patapita sabata anamuonetsa mabala.

Tsopano ndinene za zaka 6,000, chifukwa ophunzira ambiri amaganiza kuti nambalayi ili m'Baibulo. Mulibe. Inachokera pa kuwerengetsa mibadwo ya m'Genesis 5 ndi 11 pamodzi ndi zaka za mafumu. Wodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi James Ussher, bishopu wamkulu wa ku Armagh m'dziko la Ireland, amene mu 1650 analemba kuti dziko linalengedwa mu Okutobala chaka cha 4004 Yesu asanabadwe. Anali munthu wophunzira kwambiri ndipo anagwira ntchito yake mosamala, koma patapita nthawi osindikiza anayamba kuika zaka zakezo m'mphepete mwa masamba a Baibulo lachingerezi, ndipo owerenga anazitenga ngati mbali ya Mawu. Kuwerengetsa kwake kumafuna kuti mndandanda wa mibadwo ukhale wosadumpha dzina lililonse. Koma tikudziwa kuti olemba Malemba ankadumpha. Pa Mateyu 1:8 akuchoka pa Yoramu kufika pa Uziya, kusiya mafumu atatu amene mabuku a Mafumu amawatchula, ndiwo Ahaziya, Yowasi ndi Amaziya.

Ndisabise, kudumpha mayina sikungatipatse zaka mabiliyoni. Nkhani yaikulu ili pa masiku asanu ndi limodzi a m'chaputala choyamba. Apa ndikufuna ophunzira atsegule okha Baibulo n'kuona kuti dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zikulengedwa tsiku lachinayi, pomwe madzulo ndi m'mawa zayamba kale tsiku loyamba. Origen, mphunzitsi wachikhristu wa ku Alexandria, anafunsa funso limeneli m'zaka za m'ma 200, kuti masiku atatu oyambawo anali otani popanda dzuwa. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumene lero ndi ku Algeria, amene anamwalira mu 430, ankakhulupirira kuti Mulungu analenga zonse nthawi imodzi, ndipo masikuwo ndi dongosolo lotifotokozera ife. Anachenjezanso kuti Mkhristu akamayankhula zosadziwa pa za dziko ndi nyenyezi pamaso pa anthu akunja amene amazidziwa bwino, n'kumati ndi zimene Malemba akunena, anthuwo adzaseka Malembawo ndipo sadzawakhulupiriranso ngakhale pa za kuuka kwa akufa. Anthu awiriwa anali a kuno ku Africa, ndipo anakhalako zaka zoposa chikwi sayansi ya miyala isanayambe, choncho palibe anganene kuti ankaopa aphunzitsi a pa yunivesite.

Onaninso kamangidwe ka chaputalacho. Tsiku loyamba kuli kuwala ndi mdima, lachinayi kuli zounikira zolamulira usana ndi usiku. Tsiku lachiwiri kuli thambo ndi madzi, lachisanu kuli mbalame ndi nsomba. Tsiku lachitatu kuli mtunda ndi zomera, lachisanu ndi chimodzi kuli nyama ndi anthu. Masiku atatu akukonza malo, atatu enawo akudzaza malowo. Mitundu yozungulira Israeli inkapembedza dzuwa ndi mwezi, ndipo chaputalachi chikuziika m'gulu la zolengedwa, zopatsidwa ntchito younikira basi. Ine ndimakhulupirira kuti uthenga wake uli pamenepo, ndipo uthengawo ndi woona kaya mwala uli ndi zaka zingati.

Bambo Phiri: Abusa, ndi ulemu wonse, pa Eksodo 20:11 Mulungu mwini akunena kuti analenga m'masiku asanu ndi limodzi, n'chifukwa chake ife tigwire ntchito masiku asanu ndi limodzi. Komanso Adamu analengedwa ali wamkulu kale, osati khanda. Chingaletse n'chiyani kuti Mulungu alenge miyala yooneka yakale?

Abusa: Vesi la Eksodo ndi lamphamvu, ndipo abale amene amawerenga masikuwo monga masiku athu a maola 24 sachita zimenezo mwaumbuli. Ine ndimaliwerenga monga lonena kuti sabata yathu ikhale chifanizo cha ntchito ya Mulungu, koma ndikuvomereza kuti ena oopa Mulungu amaliwerenga mosiyana ndi ine, ndipo Bambo Mbewe akanene zimenezi poyera. Pa za miyala yooneka yakale ndiye ndili ndi mantha. Adamu kukhala wamkulu n'kofunika kuti athe kulima m'munda. Koma mafupa a chinyama cha ku Karonga ndi mbiri ya moyo: chinabadwa, chinadya, chinakula, chinafa. Tikanena kuti Mulungu anaika m'nthaka mafupa a nyama imene sinakhaleko, komanso anayeza mtovu wa m'zirikoni kuti njira ziwiri zija zigwirizane pa zaka zimene sizinapite, ndiye kuti tikuuza ophunzira kuti chilengedwe chimanama ndipo anachinamitsa ndi Mwini wake. Salimo 19 limati zakumwamba zimalalikira ulemerero wa Mulungu. Sindingathe kuphunzitsa kuti ulaliki umenewo ndi wachinyengo.

Bambo Chirwa: Ine ndikuona kuti tili ndi chida chabwino chimene sitikuchigwiritsa ntchito. Sayansi yomweyo inatsimikiza kuti thambo lonse linayamba ndi kuphulika kwakukulu zaka 13.8 biliyoni zapitazo, ndipo anatulukira zimenezi ndi wansembe. Kumeneko ndiye kulenga kwa pa Genesis 1:1. Bambo Mbewe akangonena kuti sayansi yatsimikiza Baibulo, nkhani yatha.

Aphunzitsi a Fizikisi: Bambo Chirwa, za wansembezo n'zoona ndipo zikanenedwe, koma mawu omalizawo wansembe mwini wakeyo anawakana. Georges Lemaître, wansembe wa Chikatolika wa ku Belgium, anaonetsa mu 1927 kuti masamu a Einstein akulola thambo lomafutukuka, ndipo anagwirizanitsa zimenezi ndi kuthawa kwa milalang'amba. Mu 1931 anapitiriza kunena kuti tikabwerera m'mbuyo, zonse zinali pamodzi pachiyambi. Umboni waukulu unabwera mu 1965, pamene Arno Penzias ndi Robert Wilson analengeza za kutentha kochepa kochokera mbali zonse za thambo, kotsalira pa nthawi yoyambirirayo. Koma mu 1951, Papa Pius XII atayankhula ngati kuti sayansiyi yatsimikiza kulenga kwa m'Genesis, Lemaître sanakondwe nazo, ndipo anayesetsa kuti zisanenedwenso choncho. Chifukwa chake n'chomveka. Fizikisi imatha kutibweza m'mbuyo mpaka pa nthawi imene zonse zinali zotentha ndi zothinana kwambiri, koma masamu athu amalephera tisanafike pa chiyambi chenicheni, ndipo asayansi akukanganabe ngati panali china chisanafike chimenecho. Wophunzira akamanga chikhulupiriro chake pa mpata umenewo, tsiku limene wina adzautseke ndi masamu atsopano adzagwa monga wagwera amene anamanga pa zaka 6,000. Funso lakuti n'chifukwa chiyani pali chinthu m'malo mopanda kanthu, ndiponso chifukwa chake chilengedwe chimatsata malamulo amene ubongo wa munthu ungawamvetse, silingayankhidwe ndi makina alionse, ndipo lidzakhalapobe ngakhale mpatawo utatsekedwa. Kumeneko ndi kumene ine ndimaima.

Wophunzira wa chaka chachiwiri: Abusa, zimene mwafotokoza zandithandiza kwambiri, koma pali chimodzi chimene chikundisautsabe, ndipo ndikudziwa kuti anzanga akachifunsa. Ngati chinyama cha ku Karonga chinafa zaka mamiliyoni munthu asanakhaleko, ndiye kuti imfa inalipo uchimo usanabwere. Koma pa Aroma 5:12 Paulo akuti imfa inalowa kudzera mu uchimo wa munthu mmodzi. Nanga mwini nsagwada ya ku Uraha anali ndani kwa Adamu? Anali ndi mzimu?

Abusa: Mwana wanga, pa mbali yoyamba ndili ndi chonena. Vesi lomwelo likupitiriza kuti imfayo inafalikira kwa anthu onse, choncho ambiri amamva kuti Paulo akunena za imfa ya anthu ndi kulekana kwawo ndi Mulungu, osati za nyama. Salimo 104 limatamanda Mulungu chifukwa chopatsa mikango nyama yake, osaonetsa kuti limenelo ndi temberero. Komabe Aroma 8 imanena kuti chilengedwe chonse chikubuula, ndipo abale ena amaona pamenepo kuti kuvutika kwa nyama nakonso kunabwera ndi kugwa kwa munthu. Pa za Adamu, akhristu ovomereza kuti dziko ndi lakale sagwirizana. Ena amati Mulungu anamulenga mwapadera ndipo zolengedwa za ku Uraha zinali nyama chabe. Ena amati anasankha awiri pakati pa anthu amene analipo kale n'kupangana nawo pangano m'malo mwa onse. Ena amati Adamu akuimira mtundu wonse wa anthu. Njira iliyonse ili ndi vesi limene limaivuta. Ine ndimatsamira ku yachiwiri, koma sindingaiphunzitse pa guwa monga chiphunzitso cha mpingo.

Bambo Phiri: Pamenepo ndi pamene ine ndikukanira, Abusa. Paulo akuika Adamu ndi Khristu moyang'anizana, munthu mmodzi wobweretsa imfa ndi munthu mmodzi wobweretsa moyo. Mukamasula woyambayo, wachiwiri mumugwira bwanji? Za kaboni ndasiya, Mayi Nabanda andikonza ndipo sindidzazinenanso. Koma pa Adamu sindisuntha, ndipo ndikupempha kuti ophunzira akamve kuti alipo akhristu oganiza bwino amene amaima pamene ndaima inepa.

Mayi Nangozo: Mwana wa kwaya uja andikhululukire, sindimanena iyeyo. Koma pemphero lisakasowe pa msonkhanowo.

Bambo Mbewe: Silikasowa, Mayi. Ndikuthokozani nonse. Ndapatsidwa ola limodzi, ndipo ndaganiza zochita motere. Sindikayamba ndi ulaliki, koma ndikawerenga mokweza timapepala tingapo, kuti aliyense amve kuti funso lake lili ndi anzake. Mayi Nabanda, ngati mungathe kubwera, ndikupemphani kuti mukawerengetse pa bolodi chitsanzo cha zirikoni chija, cha 704 ndi cha 410 ndi 360, chifukwa ine ndikhoza kusokoneza manambala ndipo anawo akhulupirira msanga munthu amene anaigwirapo miyalayo. Kenako tikatsegula Genesis 1 ndi kuyala masiku aja atatuatatu monga achitira Abusa. Za Lemaître ndikazinena mwachidule, pamodzi ndi kukana kwake kuja. Funso la Adamu ndi imfa ndikaliika poyera ndi maganizo onse, kuphatikizapo a Bambo Phiri, ndipo ndikanena kuti ife akuluakulu sitinagwirizane.

Mayi Nabanda: Ndidzabwera, ndipo ndidzatenga mwala wa nsangalabwi ndi galasi lokuzira zinthu kuti aone timiyala tosiyanasiyana ta m'kati mwake, ngakhale zirikoni yeniyeni ndi yaing'ono kwambiri moti sangaione ndi galasi lotere. Ndikupempha kuti pa ola limenelo musiye mphindi zosachepera 20 za mafunso, ndipo atsogoleri a gulu asakhale kutsogolo moyang'anizana ndi ofunsa, chifukwa wophunzira amene akuopa kutchedwa wobwerera m'mbuyo sangakweze dzanja pamene tcheyamani wake akumuyang'ana.

Wophunzira wa chaka chachiwiri: Bambo Mbewe, kodi ndingabwere ndi anzanga awiri a m'kalasi amene anasiya kupemphera? Mmodzi ndi wolusa pofunsa, ndipo akafunsadi za chisinthiko cha zamoyo, chimene simunachikhudze n'komwe.

Bambo Mbewe: Bwera nawo, mwana wanga, ndipo umuuze kuti akafunse. Za chisinthiko sindingazikwanitse pa ola lomwelo, choncho ndikapempha atsogoleri kuti atipatse Loweruka lina, ndipo pa tsikulo tidzafunika munthu wa bayoloje. Ngati alipo pa gulu pano, kapena wina akumudziwa, andilembere kumbali lisanafike Lachinayi.